Khadi lachitatu m'bakarati, ndi chifukwa chake Banker amapambana kawirikawiri

"Ndakhala ndikuonera bakarati, koma sindimvetsa chifukwa chomwe wogawa makhadi nthawi zina amapereka khadi lachitatu, nthawi zina ayi. Ndiponso n'chifukwa chiyani amadula ndalama kwa amene wabetcha pa Banker? Kodi si kuba kumeneku?"

Zikomo chifukwa cha kalata yanu, achimwene. Mafunso awiriwa ali ndi muzu umodzi, choncho ndiyambira pa kawerengedwe ka mapointi. Esi ndi 1, makhadi a 2 mpaka 9 amawerengedwa monga alembedwera, pamene 10, jeki, kwini ndi kingi ndi 0. Mukaphatikiza, mumatenga nambala yomalizira yokha, kotero kuti 7 ndi 8 sapanga 15 koma 5. Mbali ziwiri, Player ndi Banker, zimalandira makhadi awiriawiri, ndipo yoyandikira 9 ndiyo imapambana. Mbali ina iliyonse ikapeza 8 kapena 9 pa makhadi awiri oyambawo, masewerawo athera pomwepo.

Ngati palibe 8 kapena 9, Player ndiye amayamba: ali ndi 0 mpaka 5 amatenga khadi lachitatu, ali ndi 6 kapena 7 satenga. Player akapanda kutenga, Banker amatsatira lamulo lomwelo. Koma Player akatenga, Banker amayang'ana khadi lomwe latulukalo. Ali ndi 0, 1 kapena 2 amatenga nthawi zonse, ndipo ali ndi 7 satenga konse. Ali ndi 3 amatenga nthawi zonse, kupatula khadilo likakhala 8. Ali ndi 4 amatenga likakhala 2 mpaka 7, ali ndi 5 likakhala 4 mpaka 7, ndipo ali ndi 6 likakhala 6 kapena 7 basi. Wogawa makhadi sasankha chilichonse, amangotsatira zimenezi.

Malamulowa amamveka munthu akadziwa kumene anachokera. M'maseweredwe akale a ku Falansa, makhadi awiri oyamba a Player ankakhala obisika, koma lachitatu linkaikidwa poyera, ndipo Banker ankalingalira kuchokera pa khadi limodzilo. Lero makhadi onse amaoneka, koma kulingalirako kunasanduka lamulo.

Tiyeni tione Banker ali ndi 3, Player watenga 8. Tikudziwa kuti Player anali ndi 0 mpaka 5, apo ayi sakanatenga. Ngati anali ndi 0 kapena 1, tsopano ali ndi 8 kapena 9, ndipo apo khadi lina silingamuthandize kwenikweni Banker. Ngati anali ndi 2, 3 kapena 4, wagwera pa 0, 1 kapena 2, ndipo 3 wa Banker wapambana kale. Ngati anali ndi 5, afanana. Kutenga khadi pamenepa kungathe kuwononga zomwe zili kale m'manja, n'chifukwa chake Banker amaima. Tembenuzani nkhaniyi: Banker ali ndi 6, Player watenga 6. Amene anali ndi 1, 2 kapena 3 wafika pa 7, 8 kapena 9, ndipo 6 uja, ngakhale amaoneka wamkulu, sakukwaniranso, choncho Banker amatenga. Mwayi wa Banker wagona pamenepa: amasewera pomaliza, ataona kale khadi la mnzake, pamene Player amatenga osaona kanthu.

Kusiyanako n'kochepa. Pa mapaketi 8 a makhadi, Banker amapambana pafupifupi 45.86 peresenti ya masewera, Player 44.62 peresenti, ndipo 9.52 peresenti zimathera pofanana, pomwe obetcha pa mbali ziwirizi amabwezeredwa ndalama zawo. Kasino ikanati izilipira Banker mokwanira, ikanaluza, ndipo ichi ndicho chifukwa cha komishoni ya 5 peresenti: mukabetcha K1,000 n'kupambana, phindu lanu ndi K950. Si kuba, popeza lamulolo limadziwika munthu asanabetche, koma musaganize kuti Banker ndi njira yopezera phindu. Pa K10,000 iliyonse yobetchedwa kwa nthawi yaitali, Banker amakudyerani pafupifupi K106, Player K124, pamene Tie, kubetcha kuti mbali ziwirizi zifanana, yolipira 8 pa 1 imadya K1,436, ndipo imeneyi sindingalangize munthu kuikhudza.

Chenjeraninso ndi matebulo olembedwa No Commission, omwe sadula komishoni ija. Ambiri mwa iwo amalipira theka lokha Banker akapambana ndi 6, ndipo zimenezi zimakweza gawo la kasino kufika pa 1.46 peresenti, kutanthauza K146 pa K10,000 iliyonse, kuposa ngakhale la Player. Musanaike ndalama, funsani kaye wogawa makhadi momwe amalipirira Banker akapambana ndi 6.