Usiku wa maola 13

"Akuluakulu, apu yanga ya mashifiti tsopano ikugwiritsidwa ntchito ku Malawi, ku Joni ndi ku Mangalande. Ndikulemba mu Java. Kodi sindingamangochotsa kapena kuwonjezera maola malinga ndi dziko?"

Ayi achimwene, chonde musayerekeze. Ndangowerenga apa mutu wayamba kale kundiwawa, chifukwa zimenezi zinandigonetsa pampando masiku atatu mu Okutobala 2024.

Ndinalandira apu ya kampani ina ya ku Mangalande yosamalira okalamba m'makomo, ine ndili kuno ku Lilongwe. Antchito amadina pafoni akafika, amadinanso poweruka, ndipo malipiro amawerengedwa pa ola. Amene anailemba poyamba anali atachoka, osasiya ngakhale kapepala kofotokoza. Munthu ameneyu, Mulungu amukhululukire, ankatenga nthawi ya pafoni ndi `LocalDateTime.now()` n'kuiponya mu detabesi momwemo. Chinthu chimenechi chimangosunga zimene wotchi yapakhoma ikuonetsa, 20:00 basi, osanena kuti 20:00 ya kuti. Kuno sizivuta, wotchi yathu siisuntha, chaka chonse tili maola awiri patsogolo pa UTC, ku Joni chimodzimodzi. N'chifukwa chake ambirife sitiliona dzenjeli mpaka titagweramo.

Ku Mangalande Lamlungu lomaliza la Okutobala, ikakwana 2 koloko usiku amabweza wotchi kukhala 1 koloko. Mu 2024 linali pa 27. Ndiye taonani shifiti ya usiku umenewo. Mayi walowa Loweruka 20:00, watuluka Lamlungu 08:00. Apu ikuti maola 12. Koma 20:00 ya Lowerukayo inali 19:00 UTC, pomwe 08:00 ya mmawa inali 08:00 UTC ndendende. Mayiyo anagwira maola 13. Aliyense wa usiku umenewo anadulidwa ola lathunthu.

Koma chimene chinaphulitsa bomba si chimenecho. Mtsikana wina anadina kuti akukapuma wotchi ikuti 01:40, wotchi n'kubwerera m'mbuyo iye akumwa tiyi, pobwerako anadina ikuti 01:10. Anapuma mphindi 30 zokha mwana wa eni. Apu inachotsera n'kupeza mphindi −30, ndipo gawo lowerengera malipiro litaona nambala yotsika kuposa ziro linangokomoka. Lipoti lonse la sabata osatuluka. Lolemba foni inalira ndili m'minibasi pa Area 18, bwana wa kampaniyo akukalipa mpaka kondakitala kutembenuka. Akuti ndawononga apu yomwe yakhala ikuyenda bwinobwino. Ikuyenda bwino chiyani? Inayamba kugwira ntchito mu Juni, inali isanakumanepo ndi kusintha kwa wotchi ngakhale kamodzi! Ndinamufotokozera, iye akuti wotchi imasintha chaka chilichonse ndipo mwana aliyense amadziwa. Inde, mwana wa kwanuko. Nanga bwanji simunamuuze amene munamulemba ganyu yotchipa uja? Izi ndinangonena chamumtima, ndalama yanga ya mwezi inali ikadali m'manja mwake.

Ndipo mmene ndimafufuza ndinapeza chomwe mukufuna kuchitachi chili phee mu gawo lotumiza mauthenga okumbutsa: nthawi ya seva, yomwe inali ya ku Malawi, kenako `minusHours(1)`. Mu Juni zinali zoona, London imatsalira ola limodzi kumbuyo kwathu. Kuyambira Lamlungu limenelo kusiyana kunakhala maola awiri, anthu n'kumadzutsidwa ndi uthenga woti shifiti yayamba kukadali ola lathunthu.

Kukonza khodiyo sikunavute. Nthawi iyenera kuyenda ndi dzina la dera lake, ndiye Java imadziwa yokha malamulo a wotchi ya kumeneko.

```java
ZoneId z = ZoneId.of("Europe/London");
var kulowa = ZonedDateTime.of(2024, 10, 26, 20, 0, 0, 0, z);
var kutuluka = ZonedDateTime.of(2024, 10, 27, 8, 0, 0, 0, z);
Duration.between(kulowa, kutuluka).toHours(); // 13
```

Taonani ndalemba `Europe/London`, osati `+01:00`. Nambalayo ndi ya nyengo imodzi yokha, dzinalo ndi lomwe limadziwa tsiku losinthira. Kwathu ndi `Africa/Blantyre`, ku Joni `Africa/Johannesburg`.

Chimene chinandiliza ndi zomwe zinali zitasungidwa kale. Usiku umenewo nthawi iliyonse pakati pa 01:00 ndi 01:59 inachitika kawiri, ndipo mu detabesi munalibe chosonyeza kuti iyi ndi yoyamba kapena yachiwiri. Mukaipatsa `ZonedDateTime.of` nthawi ya 01:10, imasankha yoyamba mwakachetechete, osakuchenjezani. Yachiwiri mumachita kuipempha ndi `withLaterOffsetAtOverlap()`. Za mtsikana wa tiyi uja zinali zosavuta, munthu sabwerako asanapite. Koma ena ndinachita kuwatumizira uthenga mmodzimmodzi kuwafunsa ngati anadina wotchi isanabwerere kapena itabwerera. Tangoganizani kufunsa munthu amene wachezera usiku wonse akutembenuza gogo wodwala kuti akumbukire zimenezo. Mayi wina anangondiyankha kuti mwana wanga, ine ndimadziwa kuti kunali mdima basi.

Ndiye langizo langa, chilichonse chimene chachitika kale, kudina polowa, potuluka, kulipira, chisungeni ngati `Instant`, ndiye kuti UTC, ndipo ngati muli pa PostgreSQL ikani mu `timestamptz`. Muzisandutsa nthawi ya dera pokhapokha pomuonetsa munthu. `LocalDateTime` ithaweni ngati njoka.

Komabe, hmm, ndisakunamizeni, UTC yomweyo inandiluma mu Malichi. Ndili ndi ukali uja ndinasandutsa chilichonse kukhala `Instant`, ngakhale ndandanda ya mashifiti a m'tsogolo, n'kumapanga tsiku lotsatira powonjezera `Duration.ofDays(1)`. `Duration` ya tsiku limodzi ndi maola 24 enieni, ilibe nazo ntchito za kalendala. Pa 30 Malichi 2025 wotchi yawo inalumpha kuchoka 01:00 kufika 02:00, tsiku limenelo linali la maola 23, ndipo shifiti ya 20:00 inayamba kuoneka 21:00. Ulendo uno panalibe woloza chala, ndinali ine ndemwe. Mwayi wake ndinaziona Lachisanu poyang'ana ndandanda ya sabata yotsatira, bwana uja asanadziwe, ndipo mpaka lero sakudziwa. Mukafuna kunena kuti mawa nthawi yomweyino, pa `ZonedDateTime` gwiritsani `plusDays(1)` kapena `Period.ofDays(1)`, zimenezo zimatsatira kalendala ndipo 20:00 imakhalabe 20:00. Choncho za m'tsogolo pano ndimasunga tsiku ndi ola la pawotchi, inde `LocalDateTime` yomwe ndangoti ndi njoka ija, koma pambali pake pali dzina la dera. Pangano la shifiti ndi lakuti 8 koloko usiku ya ku London, osati ola lakutilakuti la UTC.

Musanaitulutse, iyeseni ndi masiku awiri amenewo, 27 Okutobala 2024 ndi 30 Malichi 2025, shifiti ya 20:00 mpaka 08:00 yodutsa usiku wa Loweruka. Yoyamba ikupatseni 13, yachiwiri 11. Ikakupatsani 12 konse, penapake pabisala nthawi yopanda dera. Ndipo sakani `minusHours` ndi `plusHours` mu khodi yonse, ine ndinazipeza m'mafayilo anayi, ina itabisidwa mu gawo lotumiza imelo.