Masilaidi 30 a anthu atatu: yambani ndi mawu oduka

"Abale, mawa ndikukapereka lipoti la ntchito yathu. Masilaidi alipo 30 ndipo tinalemba anthu atatu mu PowerPoint. Ndikuona ziganizo zina zothera panjira, zilembo zazikulu zili paliponse, timadontho toyambira mizere sitikufanana. Ndiyambire pati kuti ndisasiye cholakwika?"

Achemwali, musayese kugwira zonse zitatu pa ulendo umodzi. Muwerenge katatu, ulendo uliwonse mukusaka vuto limodzi lokha, ndipo muyambe ndi mawu oduka. Chilembo chachikulu chosokonekera chimangonyansa m'maso, koma chiganizo choduka chimachotsa tanthauzo, ndipo ndi inu amene mudzafunsidwe pamaso pa anthu kuti chimafuna kunena chiyani. Chifukwa china n'chakuti mukakonza chiganizo choduka mumasintha mawu, ndiye mukanayamba ndi zilembo mukanabwereza ntchito. Musanakhudze kalikonse, sungani fayilo ina yapadera kuti mukhale ndi pobwerera.

Kuduka kulipo kwa mitundu iwiri, ndipo mtundu uliwonse umagwidwa ndi njira yake. Pali mawu amene mulibiretu mu fayilo, kaya wolemba anasiyira panjira kapena anakopera theka la chiganizo. Ndiye pali mawu amene alimo onse koma sakuoneka, chifukwa atsikira kunsi kwa silaidi kapena aphimbidwa ndi chithunzi.

Mtundu woyambawo muusake pa View, kenako Outline View. Kumanzere kudzabwera mawu okhaokha, opanda mitundu ndi zithunzi zokopa maso. Pamenepo musawerenge ngati nkhani, chifukwa mutu wanu umadziwa kale zimene mumafuna kunena ndipo umamalizitsa wokha chiganizo chopereweracho. Yang'anani liwu lomaliza la mfundo iliyonse. Mfundo ikathera pa "ndi", "kuti", "chifukwa", "monga", "koma", kapena pa timawu ngati "wa", "ya", "za", "cha" ndi "la", dziwani kuti pali china chagwa. Mukaona mkutiramawu wotsegula wopanda mnzake wotseka, kapena nambala yopanda chimene ikuwerenga, n'chimodzimodzi. "Zakwera ndi 15" sizikunena ngati ndi anthu, masiku kapena maperesenti. Makina ofufuza kalembedwe ka mawu sangakuthandizeni kwenikweni apa, poti liwu lililonse palokha lalembedwa bwino.

Koma Outline View ili ndi malire amene ambiri sawadziwa. Imaonetsa mawu okhawo amene ali m'malo a mutu ndi a thunthu omwe anabwera ndi kapangidwe ka silaidi. Mawu a m'bokosi limene munthu anajambula yekha ndi Text Box, a m'tebulo, a m'tchati ndi a mu SmartArt sabwera. Choncho mukapeza silaidi imene ikuoneka yopanda kanthu kumanzere pomwe kumanja ili ndi mawu tho, lembani nambala yake papepala. Imeneyo muiwerenge pa silaidi penipeni, bokosi ndi bokosi, ndipo ndi yomweyo imene idzakuvuteni pa nkhani ya timadontho.

Mtundu wachiwiri suoneka mukamalemba. PowerPoint imakulolani kuona mawu amene apitirira m'mphepete mwa silaidi pamene mukukonza, koma poonetsa anthu imangodula pamalire. Dinani F5 muione ngati mmene adzaionere omvera, kapena isungeni ngati PDF muwerenge imeneyo. Maso anu akhale pa mzere wotsiriza wa silaidi iliyonse, pa mzere wam'munsi wa tebulo, ndi pa mayina a m'mbali mwa tchati, amene akatalika amafupikitsidwa ndi timadontho titatu. Ngati mukukayikira kuti chithunzi chakhalira mawu, Alt+F10 imatsegula Selection Pane, pomwe mungabise chinthu chimodzichimodzi n'kuona chili pansi pake.

Mawu akasefukira, musathamangire kuwachepetsa kukula. Pali chosankha chotchedwa Shrink text on overflow chimene chimafinya zilembo chokha kuti zikwane. Chimathetsadi kudukako, koma mumatsala ndi silaidi ina ya zilembo zazikulu bwino ndi ina yoti wokhala kumbuyo sangawerenge. Ine ndimakonda kudula mawu osafunika kapena kugawa silaidi pawiri. Ndipo ngati mudzaonetsere pa kompyuta ya munthu wina, dziwani kuti ikapanda fonti imene munagwiritsa ntchito imaikapo ina, yomwe ingakhale yotambalala, mzere umodzi n'kusanduka iwiri, womaliza n'kugwera kunja. Tengani PDF ngati chodzitetezera, chifukwa mizere yake sisuntha.

Tiyeni tione silaidi imodzi yongoyerekeza, ya mtundu umene umatuluka anthu atatu akaphatikiza ntchito:

Zotsatira Za Maphunziro a ogwira ntchito
• Anthu 40 anamaliza maphunziro.
• kuchepa kwa madandaulo a
• Makasitomala
- Tikufunika Kuwonjezera masiku chifukwa ambiri
• NDALAMA ZOTSALA

Mfundo yachiwiri yathera pa "a", ndipo yachitatu ndi liwu limodzi loima lokha. Apa palibe mawu otayika. Ndi mfundo imodzi imene inathyoka pakati, mwina chifukwa wina anadina Enter pofuna kungotsitsa mzere, kapena anakopera kuchokera mu PDF momwe mzere uliwonse nthawi zambiri umabwera ngati ndime payokha. Enter mmodziyo wabala mavuto onse atatu: chiganizo chooneka choduka, kadontho kowonjezera, ndi chilembo chachikulu pa "Makasitomala", chimene AutoCorrect imaika yokha munthu akamalemba pa chiyambi cha ndime. Mankhwala ake ndi kulumikiza mizere iwiriyo. Ngati mukufunadi kutsitsa mzere mkati mwa mfundo yomweyo, dinani Shift+Enter.

Mfundo yachinayi ndi yosiyana. "Chifukwa ambiri" atani? Sanamalize, sanabwere, kapena anapempha? Chonde musalote. Onani m'munsi pa Notes, onani lipoti limene inachokera, ndipo ngati simukupeza muimbireni amene analemba. Chiganizo chomalizidwa mongoganizira n'choopsa kuposa choduka, chifukwa chimaoneka bwino ndipo palibe amene angachikayikire.

Ulendo wachiwiri ndi wa zilembo. Musayambe kukonza musanasankhe lamulo, apo ayi mudzasintha maganizo pa silaidi ya 12. Lamulo limene ndingakulangizeni ndi ili: chilembo chachikulu pa liwu loyamba la mutu, pa liwu loyamba la mfundo iliyonse, ndi pa mayina enieni basi. Kalembedwe koika chilembo chachikulu pa liwu lililonse la mutu kamafuna kuti nthawi zonse muziweruza ngati "za", "ndi" kapena "pa" akuyenera kukula, ndipo anthu atatu sangaweruze mofanana. Onani mutu wa chitsanzo chija, "Za" wakula pomwe "a ogwira ntchito" sanakule.

Kuti muone mitu yonse pamodzi, dinani batani lakumanja la mausi mu Outline View musankhe Collapse, kenako Collapse All. Ikandandalikana motsatizana, wosiyana ndi anzake umaonekera msanga. Pokonza, sankhani mawuwo mupite pa batani la Aa pa Home musankhe Sentence case, kapena dinani Shift+F3 kusinthasintha pakati pa zazikulu ndi zazing'ono. Chenjerani kuti batanili silidziwa dzina la munthu kapena chidule. Mzere wa zilembo zazikulu zokhazokha ukatsitsidwa, PDF imasanduka pdf ndipo Januwale amasanduka januwale, ndiye mzere uliwonse umene mwautembenuza muuwerengenso pomwepo. Muuwerengenso pa chifukwa china: PowerPoint imabwera itaikidwa kuti isafufuze mawu a zilembo zazikulu zokhazokha, pa chosankha cha Ignore words in UPPERCASE, choncho zolakwika zimakonda kubisala m'mizere yotere. Mukadina Shift+F3 koma osaona kusintha, ndiye kuti mawuwo anaikidwa All Caps mu Font, kachotseni kumeneko.

Mayina obwerezabwereza, monga dzina la dipatimenti kapena la pulojekiti, asakeni ndi Ctrl+H mutachonga Match case. Sinthani limodzilimodzi m'malo modina Replace All, kuopa kutsitsa chilembo cha pa chiyambi cha mfundo.

Ulendo wachitatu, wa timadontho, uli ndi mbali imene makina angakonze ndi mbali imene mungakonze inu nokha. Ya makina ndi maonekedwe. Kamzere ka pa mfundo yachinayi kaja kangakhale kadontho kenikeni kapena chizindikiro chongolembedwa ndi dzanja. Yesani kukasankha ngati chilembo. Kakasankhika, n'kolembedwa, ndipo mudzaonanso kuti mfundoyo ikafika mzere wachiwiri mawu sayambira molunjika pansi pa anzake. Kafufuteni muike kenikeni. Batani la Reset pa Home limabwezera malo a mutu ndi a thunthu ku maonekedwe a mu Slide Master, silaidi imene imalamulira maonekedwe a masilaidi onse, ndipo mungasankhe masilaidi ambiri n'kudina kamodzi. Koma silichotsa timizere tolembedwa ndi dzanja, silikhudza mabokosi ojambula nokha aja, ndipo lingachotse mitundu imene munaika dala. N'chifukwa chake ndinati musunge fayilo yapadera. Mawu a m'mabokosi amenewo ndi bwino kuwasamutsira m'malo a thunthu, pomata musankhe Keep Text Only.

Mbali yanu ndi kamangidwe ka mfundo. M'chitsanzo chija yoyamba ndi chiganizo chathunthu chokhala ndi mpumiro, yachiwiri ndi dzina la chinthu, yachinayi ndi pempho, yomaliza ndi kamutu chabe. Ngakhale timadontho tonse titafanana, khutu limamvabe kuti sizikuyenda pamodzi. Njira yoyesera ndi kuwerenga mutu mokweza, kenako mfundo iliyonse ngati yankho lake. Mutu ukunena za zotsatira, ndiye mfundo iliyonse inene chimene chinachitika. Titafunsa wolemba uja n'kutiuza kuti ambiri sanafike pa gawo lomaliza, silaidi ingakhale motere:

Zotsatira za maphunziro a ogwira ntchito
• Anthu 40 anamaliza maphunziro
• Madandaulo a makasitomala anachepa
• Ambiri sanafike pa gawo lomaliza
• Ndalama zina zinatsala

Tsopano kwaonekera chimene kudukako kunabisa. Anthu 40 anamaliza, komanso ambiri sanafike pa gawo lomaliza, ndiye womvera adzafunsa kuti onse analipo angati. Mfundo yoyamba ikufunika kunena kuti 40 mwa angati. Pempho lowonjezera masiku lachokapo, lipite ku silaidi ya zimene mukupempha. Za mpumiro, sankhani chimodzi pa masilaidi onse 30. Mfundo zazifupi ngati izi ine ndimazisiya zopanda mpumiro, koma ngati zambiri mwa zanu zili ndi ziganizo ziwiriziwiri, ikani pa zonse.

Mukamaliza maulendo atatuwa, sungani PDF yatsopano muione kuyambira silaidi ya 30 kubwerera ku yoyamba. Kukonza kwanu komwe kwasintha kutalika kwa mizere, ndipo mfundo imene munailumikiza kapena kuiwonjezera mawu ingakankhire mzere womaliza kunja kwa silaidi.