Rf yanga yasiyana ndi ya mnzanga, ndalakwitsa pati?

Funso: Ndili chaka choyamba m'maphunziro a kemisitiri. Ku labu tinachita TLC, njira yolekanitsira zinthu zosakanikirana, ya benzalidehaidi wosakaniza ndi benzilo alikoholo pa puleti ya silika, chosungunulira chinali hekiseni ndi ethilo asiteti, 4:1. Mzere wa pensulo unali 1.0 cm kuchokera pansi. Nditayeza kuchokera m'mphepete mwa pansi pa puleti, madontho anali pa 2.5 cm ndi 4.6 cm, chosungunulira chinafika pa 7.0 cm. Ndinapeza Rf ya 0.36 ndi 0.66, zosiyana ndi za mnzanga, n'kulemba kuti dontho lapamwamba ndilo la pola kwambiri. Aphunzitsi anandidula malikisi pa zonse ziwiri. Chonde ndithandizeni.

Yankho: Tengani puleti ija ngati mukadali nayo, ndipo ikani ziro wa rula pa mzere wa pensulo, osati m'mphepete. Ulendo wa dontho umayambira pamene munalidontheza. Kachigawo ka pansi pa mzere dontholo silinayendemo, choncho sikawerengedwa, ngakhale kwa chosungunulira chimene. Lamulo lake ndi ili:

Rf = mtunda umene dontho layenda ÷ mtunda umene chosungunulira chayenda

Mitunda yonse iwiri iyambire pa mzere wa pensulo. Mukachotsa 1.0 cm pa manambala anu onse atatu mutsala ndi 1.5 cm, 3.6 cm ndi 6.0 cm. Dontho lapansi ndi 1.5 ÷ 6.0 = 0.25, lapamwamba ndi 3.6 ÷ 6.0 = 0.60. Onani mmene sentimita imodzi yokhayo inasokonezera zinthu: dontho lapamwamba linasuntha pang'ono, koma lapansi linachoka pa 0.25 kufika pa 0.36. Dontho likakhala pafupi ndi mzere, cholakwika chotere chimakula kwambiri. Yankho musamalilembere cm kumapeto, chifukwa mwagawa mtunda ndi mtunda unzake, ndipo mukapeza nambala yoposa 1 dziwani kuti mwatembenuza kagawidwe, popeza dontho silingapitirire chosungunulira chimene chikulinyamula.

Poyeza, lozani pakati pa dontho, osati kunsonga kwake. Ndipo puleti ikangotuluka m'botolo, lembani pomwepo pamene chosungunulira chalekezera. Hekiseni amauma msanga kwambiri. Mukacheuka kukayankhula ndi mnzanu, mupeza puleti ili mbee, mzere wonyowa uja wasowa, ndipo mungoyamba kulota manambala.

Tsopano nkhani ya pola, ndipo apa ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Ndikuganiza kuti munalingalira kuti chinthu cha pola chili ndi mphamvu, ndiye chiyenera kuthamanga. Pa silika zimakhala mosemphana ndi zimenezo.

Molekyulu imatchedwa ya pola ngati maelekitironi ake akokedwera mbali imodzi, moti mbali ina ili ndi negetivu pang'ono, ina pozitivu pang'ono. Ufa woyera umene wamatidwa pa puleti ndi silika, ndipo pamwamba pake padzaza magulu a Si–OH, amene ndi a pola kwambiri. Chosungunulira chanu, magawo 4 a hekiseni pa gawo limodzi la ethilo asiteti, pola wake ndi wochepa. Ndiye molekyulu iliyonse pa puleti ili pakati pa awiri olimbirana: silika akuigwira kuti ikhale, chosungunulira chikuitenga kuti ikwere. Imamatira, n'kumasuka, n'kumatiranso, kambirimbiri ulendo wonse, ndipo imasuntha pa nthawi yokhayo imene ili m'chosungunulira. Imene yathera nthawi yambiri itamatira ku silika imatsalira m'mbuyo.

Ikani mamolekyulu anu awiri pambali. Benzilo alikoholo, C6H5CH2OH, ali ndi gulu la O–H. Haidirojeni wa pagululi amatha kugwirana ndi okosijeni wa silika, ndipo okosijeni wake nayenso amagwidwa ndi haidirojeni wa Si–OH. Wagwidwa ndi manja awiri. Benzalidehaidi, C6H5CHO, ali ndi C=O, amene ndi wa pola ndithu, koma alibe haidirojeni womangirira pa okosijeni. Silika amatha kumugwira, koma iye sabwezera kugwirako, choncho amapulumuka mosavuta. Dontho la 0.25 ndi benzilo alikoholo, la 0.60 ndi benzalidehaidi. Pa mayeso musangolemba kuti chinthu cha pola kwambiri chili ndi Rf yochepa n'kusiyira pomwepo. Tchulani gulu la O–H, tchulani Si–OH ya silika, nenani kuti zikugwirana kudzera mu mgwirizano wa haidirojeni, kenaka fotokozani kuti n'chifukwa chake layenda mtunda waufupi. Malikisi ambiri amakhala pa chifukwacho.

Pali funso lina limene aphunzitsi amakonda kuliika motsatira: chingachitike n'chiyani mutasintha chosungunulira kukhala 1:1? Apa mpamene mawu akuti pola amasokoneza, chifukwa pola wa chosungunulira amachita zosiyana ndi pola wa chinthu chimene mwadontheza. Ethilo asiteti akachuluka, amalimbirana malo a pa silika ndi mamolekyulu anu, ndiponso amawasungunula bwino. Madontho onse awiri amakwera, Rf zonse zimakula, koma alikoholo amakhalabe pansi pa alidehaidi. Mutagwiritsa ntchito hekiseni yekha, alikoholo sangachoke n'komwe pa mzere. Mutapyola muyeso mbali inayo, onse amathamangira pamwamba n'kuunjikana, osalekana. N'chifukwa chake odziwa ntchito amasintha kasakanizidwe mpaka dontho limene akulifuna likhale cha m'ma 0.3.

Apa muona kuti Rf si chizindikiro chokhazikika cha chinthu ngati mmene kulili kutentha kumene chimasungunukira. Imadalira chosungunulira, mtundu wa puleti, chinyezi chimene silika wayamwa, ngakhalenso ngati botolo linali lovundikira. Botolo losatseka limachititsa kuti chosungunulira chiziuma pa puleti chikukwera, ndipo Rf imatuluka yokwera kuposa mmene iyenera kukhalira. Choncho polemba lipoti, nambala iziyendera limodzi ndi zimene munagwiritsa ntchito: Rf = 0.25, silika, hekiseni ndi ethilo asiteti 4:1. Mukafuna kutsimikiza kuti dontho lina ndi benzilo alikoholo, musadalire nambala ya m'buku. Pa puleti imodzi donthezani chosakaniza chanu kumanzere, alikoholo weniweni kumanja, ndipo pakati donthezani zonse ziwiri pamalo amodzi. Zikakwera mofanana, pakati pasakuoneka dontho latsopano, muli ndi umboni wabwino, ngakhale zinthu ziwiri zosiyana nthawi zina zimatha kufika pamalo amodzi, ndiye ndi bwino kubwereza ndi chosungunulira china.

Chinthu chimodzi choti muyang'ane pa puleti yanu pansi pa nyale ya UV ya 254 nm: ngati pali kamkwasa kakuda kotalika kochokera pa mzere wa pensulo, mwina munadontheza zochuluka, kapena benzalidehaidi wanu ndi wa m'botolo lakale. Akakhala nthawi akukhudzana ndi mpweya amasanduka pang'onopang'ono asidi wa benzoiki, C6H5COOH, amene amakakamira silika mwamphamvu n'kumakhukhuluzika m'malo mopanga dontho lozungulira. Yambani mwasungunula chosakaniza chanu kuti chichepe mphamvu n'kuyesanso. Mkwasawo ukapanda kuchoka, onjezerani dontho limodzi kapena awiri a asidi wa asetiki m'chosungunulira. Ukasonkhana n'kukhala dontho loyezeka, ndiye kuti analidi asidi.