Mankhwala a malungo: yambani mwafunsa kuti kachiromboka kali pati ndipo kakudya chiyani

*Alangizi, ndikuphunzira zachipatala ndipo panopa ndili pa pulakitiko kuno ku Mangochi. Magawo a moyo wa kachirombo ka malungo ndimawaloweza, mayina a mankhwala ndimawalowezanso, koma akandifunsa kuti mankhwala akuti amagwira gawo liti, ndimangosokoneza. Mayeso apitawa ndinalemba kuti LA amapha tizirombo ta m'chiwindi ndipo anandichonga kuti ndalakwa. Ndiwerenge bwanji?*

Achemwali, anachonga bwino aphunzitsi anuwo, ndipo chifukwa chake mukachigwira, theka la mutu umenewu mwathana nalo. Kuloweza mindandanda iwiri payokhapayokha kuli ngati kudziwa mayina a nsomba ndi mayina a nyambo, koma osadziwa kuti ndi nsomba iti imadya chiyani. Mayina ovutawa ndawalemba monga timawatchulira. Kalembedwe ka pa mayeso muone mu notsi zanu.

Udzudzu waukazi wa anofelesi ukaluma, umasiya masipolozoiti amene amakhala m'malovu ake. Pasanathe ola, ena afika kale m'chiwindi, ndipo m'menemo amaswana mwakachetechete. Kwa falusipalamu, mtundu umene umadwalitsa anthu ambiri kwathu kuno, zimatenga pafupifupi sabata imodzi. Munthu samva kalikonse, amapita kunyanja kapena kudimba ngati kale, ndipo mukamutenga magazi simupeza kanthu. Selo la chiwindi likaphulika, mamelozoiti zikwi zambiri amakhuthukira m'magazi n'kulowa m'maselo ofiira. Matenda amayambira pamenepo.

M'selo lofiira kachiromboka kamayamba kooneka ngati mphete, kamakula n'kukhala tulofozoiti, kenako sikizonti wodzaza ndi ana, selo n'kuphulika, anawo n'kulowa m'maselo ena. Kuzungulira kumodzi ndi maola 48 kwa falusipalamu, vivakisi ndi ovale, ndipo ndi maola 72 kwa malariye. Kunjenjemera ndi kutentha thupi kuja kumabwera maselo akamaphulika. Tizirombo tina tochepa timasiya kuswana n'kusanduka magametosaiti, aamuna ndi aakazi, amene sadwalitsa munthu koma amangodikira udzudzu wina. A falusipalamu amatenga masiku ngati 10 kuti akhwime, ndipo pa maikulosikopu amaoneka ngati nthochi. Za m'mimba mwa udzudzu ndingodutsa: zaigoti, ookineti, oosisiti, kenako masipolozoiti kubwerera ku malovu. Kumeneko ndi kumene kumachitikira kukwerana, n'chifukwa chake udzudzu ndiye mwini nyumba weniweni wa kachiromboka, ife ndife pongodutsira. Funso limeneli amalikonda.

Tsono nayi mfundo imene ndikufuna muigwiritse. M'selo lofiira kachiromboka kamadya himogulobini. Kakadya kamatsala ndi himu, yemwe ndi poizoni kwa iko komwe, ndiye kamamuumitsa kukhala timiyala takuda totchedwa himozoini, tomwe mumationa pa silaidi. Kolokwini, kwinini, amodiyakwini ndi lumefantirini onse amasokoneza kuumitsa kumeneku, kachirombo n'kufa ndi zinyalala zake zomwe. Atemeta ndi alitesuneti nawonso amadzutsidwa ndi ayironi wa mu himu yemweyo. LA ndi atemeta wophatikiza ndi lumefantirini. Ndiye dzifunseni: m'chiwindi muli himogulobini woti kachirombo kadye? Mulibe. Nyambo yaponyedwa pamene nsomba sikudya. Mankhwala onsewa ndi a m'magazi basi, ndipo simufunikanso kuloweza zimenezo.

Pakati pawo pali kusiyana kumodzi kumene kumapulumutsa miyoyo ku wodi ya ana. Kwinini amagwira bwino tizirombo tokula, pamene alitesuneti amapha ngakhale timphete tating'ono. Falusipalamu akakula amamatirira m'timitsempha ta muubongo ndi ziwalo zina, n'chifukwa chake pa silaidi mumangoona mphete ndi nthochi zija. Alitesuneti amapha mphete zisanakule n'kukamatirira, ndipo pachifukwachi mwana wokomoka kapena wa linjirinjiri timamubaya alitesuneti: 2.4 mg pa kilogalamu, kapena 3 mg pa kilogalamu ngati sanafike makilogalamu 20, pa ola 0, 12 ndi 24.

Vuto la atemeta n'lakuti sakhalitsa m'thupi, maola ochepa watha. Tiyerekeze kuti wodwala ali ndi tizirombo 100 biliyoni. Atemeta amatichepetsa pafupifupi ka 10,000 pa kuzungulira kumodzi, ndiye titsala 10 miliyoni. Kuzungulira kwachiwiri titsala 1,000. Masiku atatu a LA, kumwa kasanu ndi kamodzi, amakhudza kuzungulira kuwiri kumeneku, ndipo totsalato amamaliza ndi lumefantirini amene amakhala m'magazi masiku angapo. Mayi uja wosiya kumwetsa mwana tsiku lachiwiri poti wayamba kusewera, n'kusunga mapilitsi otsala pa denga kudikira tsiku lina, wasiya tizirombo tamoyo m'magazi. Chimodzimodzi ngati mwana wasanza mankhwala, kapena wamwa wopanda chakudya chamafuta ngati mkaka kapena phala la nsinjiro, pakuti lumefantirini salowa bwino m'mimba mopanda kanthu. Malungo akabwerera m'njira imeneyi, pakangopita masabata ochepa, dzina lake ndi rikurudesensi: tizirombo ta m'magazi tomwe sitinathe.

Fansida ali ndi njira yake. Salufadokisini ndi pirimetamini amatseka njira imene kachirombo kamapangira foleti, ndipo popanda foleti sikangagawikane. Amagwira ntchito pamene kachirombo kakuswana, makamaka pa sikizonti, ndipo amachedwa. Malawi anasiya kolokwini mu 1993 n'kutenga Fansida, kenako mu 2007 n'kusamukira ku LA. Fansida anatsalira ku sikelo, poteteza amayi oyembekezera.

Kwatsala magawo awiri ogona, amene sadya himogulobini ndiponso saswana: hipinozoiti m'chiwindi ndi gametosaiti wokhwima wa falusipalamu m'magazi. Mankhwala onse tatchulawa amangowadutsa. Atemeta amapha magametosaiti aang'ono okha. Wa onse awiri ndi pulimakwini, ndi mng'ono wake tafenokwini amene amamwedwa kamodzi kokha. Hipinozoiti amapezeka mwa vivakisi ndi ovale basi. Falusipalamu alibe, malariye alibe, ndipo wolemba kuti falusipalamu amachita rilapusi, kubwerera kwa malungo hipinozoiti akadzuka, wataya malikesi.

Tiyeni tiyese funso longa la pa mayeso. Mnyamata wa makilogalamu 60 wa ku Namwera adwala malungo, amwa LA yense bwinobwino, achira, kenako akwera basi ulendo wa ku Joni. Patapita miyezi itatu ali mumzinda wa Johannesburg, kumene udzudzu sufalitsa malungo, ayamba kuzizidwa ndi kutentha thupi tsiku lina, tsiku lotsatira bwino, lotsatiralo kuyambiranso. Kachipangizo koyezera pa chala kakuonetsa kuti alibe malungo, koma pa silaidi pali tizirombo m'maselo otupa pang'ono, ozungulira ngati dzira, a m'mphepete mosongokasongoka. Akufunsani: chachitika n'chiyani, ndipo mumupatsa chiyani?

Malungo obwerera ali ndi njira zitatu zokha, ndiye muzichotse imodziimodzi. Kulumidwanso ndi udzudzu? Kwathu kuno kufupi ndi nyanja ndilo likanakhala yankho loyamba, koma wofunsa wamuchotsa dala mnyamatayu n'kumupititsa kopanda malungo. Rikurudesensi? Anamaliza mankhwala, ndipo miyezi itatu yatalika. Yatsala rilapusi, kudzuka kwa hipinozoiti. Maonekedwe a maselo aja ndi a ovale, amene amapezeka kuno ngakhale mochepa, nthawi zambiri mophatikizana ndi falusipalamu. Kachipangizo kanamuphonya chifukwa tambiri timafufuza puloteni ya HRP2, imene ili mwa falusipalamu yekha. LA woyamba uja sanalephere ayi. Anayeretsa magazi, imene ndi ntchito yake, koma m'chiwindi sanafikemo.

Yankho likhale la mbali ziwiri, ndipo ambiri amalemba imodzi. Choyamba, mankhwala a m'magazi, LA kapena kolokwini, chifukwa chimene chikumudwalitsa lero chili m'magazi, ndipo pulimakwini payekha ndi wofooka pamenepo. Chachiwiri, pulimakwini wa masiku 14 wochotsa hipinozoiti. Pa 0.25 mg pa kilogalamu ndiye kuti 15 mg pa tsiku. Mabuku ena amapereka 0.5 mg, ndiye tsatirani ndondomeko imene mwaphunzitsidwa. Musanalembe mulingowo, lembani kaye kuti mumuyeza G6PD. Munthu amene enzaimu imeneyi ndi yochepa, pulimakwini amamuphwanya maselo ofiira: mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, maso amachita chikasu, magazi amachepa msanga. Wotereyu amapatsidwa 0.75 mg pa kilogalamu kamodzi pa sabata kwa masabata 8 akuyang'aniridwa, kutanthauza 45 mg kwa mnyamata wathuyu. Akasintha funso n'kuikapo mayi woyembekezera, pulimakwini asakhudze n'komwe, popeza G6PD ya mwana ali m'mimbayo simungaiyeze. Amamwa kolokwini kamodzi pa sabata, za m'chiwindi adzathana nazo atabereka.

Mukapeza pulimakwini ali pa funso la falusipalamu musadabwe n'kuyamba kufunafuna hipinozoiti. Pamenepo ndi 0.25 mg pa kilogalamu kamodzi kokha, ndipo cholinga ndi nthochi zija, kuti udzudzu woluma wodwalayo usatengere anzake. Wodwala mwiniwake sapindula nawo kwenikweni, opindula ndi a pamudzi pake.

Mfundo yomweyi imayankhanso funso la alendo obwera ku Cape Maclear. N'chifukwa chiyani womwa atovakwoni ndi puloguwanilo amapitiriza masiku 7 okha atachoka, pamene wa dokisisaikilini kapena mefulokwini amapitiriza masabata 4? Oyambawo amapha kachirombo kakuswana m'chiwindi momwemo, pamene enawo amadikira kuti katuluke kaye kalowe m'magazi. Dziwani kuti atovakwoni ndi puloguwanilo, ngakhale amafika m'chiwindi, hipinozoiti wogona samugwira. Ndipo sipolozoiti, amene amangothamanga kuchoka pakhungu kupita kuchiwindi, palibe piritsi lomwe timamumwera. Amene amalimbana naye ndi katemera wa malungo uja anayamba kuperekedwa kwa ana mu 2019, Mangochi ali m'gulu la maboma oyamba.

Powerenga madzulo ano, tengani pepala limodzi mujambule chiwindi, selo lofiira ndi udzudzu, osayang'ana mu notsi. Pa gawo lililonse mulembe kaye chimene kachirombo kakuchita, kaya kakudya, kakugawikana kapena kagona, ndipo mankhwala muwaike pomalizira. Mawa mukapita ku labotale mupemphe silaidi yokhala ndi mphete ndi nthochi pamodzi, muuze mnzanu kuti LA apha ziti ndipo asiya ziti.