Kalata yosiya ntchito ya unamwino popita kusukulu: yachingerezi ipite ku HR, ya Chichewa kwa a sisitala

*Ndine namwino pa chipatala china chapulayiveti kuno ku Joni, chaka chachitatu tsopano. Andiitana ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya ku Malawi, kukachita digiri yachiwiri, ndikayambe pa 9 Malichi 2026. A sisitala oyang'anira wodi yathu ndi Amalawi achikulire, anandithandiza kwambiri nditangofika. Ndikufuna ndilembe kalata yosiya ntchito m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndilembe bwanji, ndipo ndipereke liti?*

Achemwali, musanagwire cholembera tulutsani kontirakiti yanu muwerenge ndime yonena za notisi, chifukwa chimene chidzakupulumutseni kapena kukugwetsani m'kalatayi ndi deti.

Lamulo la ntchito la kuno ku South Africa, BCEA la 1997, pa ndime 37 limati amene wagwira ntchito chaka chimodzi kapena kuposerapo apereke notisi ya masabata 4, ndipo ikhale yolembedwa. Amenewo ndi malire ochepetsetsa chabe. Makontirakiti ambiri amalemba mawu akuti "calendar month", ndipo mabwana ambiri amawamva kuti notisi iyambe pa 1 ndi kutha tsiku lomaliza la mwezi womwewo. Tiwerenge ndi madeti anuwa. Mukapereka kalata Lachisanu pa 30 Januwale, mugwira Febuluwale yense, tsiku lomaliza likhala pa 28, ndipo mutsala ndi sabata yathunthu yolongedza katundu ndi kukwera basi. Mukachedwa pang'ono n'kupereka pa 3 Febuluwale, a HR akhoza kukuuzani kuti Febuluwale sakuwerengedwa, notisi yanu iyamba pa 1 Malichi mpaka pa 31. Pamenepo mudzasankha pakati pa kuphonya masabata atatu akusukulu ndi kuchoka mwaphwanya kontirakiti.

Ena amati masiku otsalawo adzawatseka ndi livi. Sizitheka, chifukwa lamulo lomwelo sililola kuti livi yapachaka iyendere limodzi ndi notisi. Masiku a livi amene simunatenge amakulipirani ndalama pochoka. Tiyerekeze kuti malipiro anu ndi R26,000 pamwezi. Mukagawa ndi 21.67, omwe ndi masiku antchito apamwezi kwa wogwira masiku 5 pasabata, tsiku limodzi likhala pafupifupi R1,200. Masiku 9 otsala ndi R10,800 asanadule msonkho. Poti anamwino mumagwira mashifiti a maola 12, mwina kwanuko amawerengera livi m'maola, choncho yerekezani ndi zimene zili pa peyisilipi yanu.

Za zinenero ziwirizo, ine ndikuona chonchi: kalata yachingerezi ndiyo imene ilowe m'fayilo yanu, ndipo ndiyo idzatulutsidwe pakadzakhala mkangano ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito. Ya Chichewa ndi yaulemu kwa a sisitala. Musaziphatikize pa pepala limodzi, ndipo deti lomaliza ntchito likhale lofanana ndendende m'zonse ziwiri.

Yachingereziyo ikhale yaifupi. Pamwamba dzina lanu, nambala yanu yapantchito, wodi yanu ndi deti. Mutu wake, kaya papepala kaya pa imelo, ukhale "Notice of Resignation". Chiganizo choyamba chinene kuti mukusiya udindo wanu ndipo mukupereka notisi malinga ndi kontirakiti. Chachiwiri chitchule tsiku lomaliza, 28 Febuluwale 2026, mwezi wolembedwa m'mawu. Chifukwa chake chikwane chiganizo chimodzi: mukukapitiriza maphunziro. Kenako pemphani satifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo, imene ndime 42 imalamula kuti akupatseni, fomu ya msonkho ya IRP5, ndi kuwerengera kwa livi yotsala. Thokozani mzere umodzi, sainani, basi.

Samalani pomasulira. Ife Achewa timayamba ndi "ndimati ndipemphe" ngakhale pa chinthu chimene tatsimikiza kale, ndipo m'Chichewa aliyense amamva kuti ndi ulemu. Mukazitembenuza mawu ndi mawu, kalata yachingerezi idzamveka ngati mukupempha chilolezo chochoka, ndipo wina akhoza kuisunga m'dirowa n'kumati tikuiganizirabe. Kusiya ntchito ndi chidziwitso, sikudikira kuti abwana avomereze. Koma mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse: mukangopereka, simungaibweze pokhapokha abwana atalola. Choncho musalembe kanthu musanakhale ndi kalata yakusukulu m'manja ndiponso musanatsimikize kuti fizi ichokera kuti. Wosiya yekha ntchito salandira ndalama za ulova za UIF, ndiye musaziwerengere pa bajeti.

Madandaulo a rosita, mashifiti ausiku ochuluka kapena kuchepa kwa anamwino, musalembe m'kalata iliyonse. Chipatala chomwechi ndi chimene chidzafunsidwe za khalidwe lanu mukamadzafuna ntchito ina.

Ya a sisitala ingakhale motere:

> 30 Januwale 2026
>
> Okondedwa Amayi,
>
> Ndalemba kalatayi kuti ndikudziwitseni kuti lero ndapereka ku ofesi ya HR kalata yosiya ntchito. Tsiku langa lomaliza kugwira ntchito ndi pa 28 Febuluwale 2026. Ndapeza malo ku KUHeS okachita digiri yachiwiri, ndipo sukulu iyamba mu Malichi.
>
> Sindinafune kuti nkhaniyi muimvere kwa ena. Ndinabwera pa wodi pano ndili mlendo, inu munandilandira ngati mwana wanu ndi kundiphunzitsa ntchito moleza mtima. Ndikuthokoza kwambiri, Mulungu akudalitseni.
>
> Mwezi watsalawu ndigwira mashifiti anga onse monga mwa rosita, ndipo ndine wokonzeka kumuonetsa ntchito amene alowe m'malo mwanga. Ndikupemphanso, ngati n'kotheka, mundilembere kalata yondichitira umboni ndisanachoke.
>
> Ine mwana wanu,
> dzina lanu ndi siginecha

Kalatayi musangowasiyira pa tebulo. Apempheni mphindi zochepa shifiti itatha, muwauze pakamwa, kenako muwapatse. Koma zonse zichitike tsiku limodzi ndi ya HR. Vuto limene limagwera ambiri n'lakuti amauza wamkulu wa wodi, wamkuluyo n'kunena kuti "ndamva mwanangu, ndikawauza," iwo n'kumaona ngati notisi yayamba. Siinayambe. Chizindikiro chakuti zalakwika ndi kuona dzina lanu pa rosita ya Malichi. Pitani ndi mapepala awiri a kalata yachingerezi, a HR asaine ndi kudinda limodzi ndi deti, limenelo likhale lanu. Mukatero tumizaninso pa imelo, ndipo kope lipite ku imelo yanuyanu, poti yakuntchito amaitseka mukachoka.

M'kontirakitimo onaninso ngati chipatala chinakulipirirani kosi ina n'kukusainitsani kuti mudzagwira zaka zakutizakuti. Ngati nthawiyo siinakwane, pemphani kuti akulembereni kuchuluka kwa ndalama imene muyenera kubweza musanapereke notisi, kuti malipiro omaliza asadzakudzidzimutseni.

Kulembetsa kwanu ku SANC, khonsolo ya anamwino ya kuno ku South Africa, musakutaye chifukwa choti mukupita kumudzi. Ndalama yapachaka imayenera kulipiridwa pofika pa 31 Disembala, ndipo wosalipira amafufutidwa m'kaundula, kuti abwezeretsedwe pamafunika fomu ndi ndalama ina yowonjezera. Ngati mukuganiza zodzabwerera ku Joni, muzilipirabe muli kusukulu. Ku Malawi nako, maphunziro anu akakhala ofuna kugwira odwala m'mawodi, dzina lanu liyenera kukhala lamoyo m'kaundula wa khonsolo ya anamwino ndi azamba ku Lilongwe. Alembereni panopa muli kuno, chifukwa ngati angafune umboni wochokera ku SANC, kuupempha muli ku Gauteng n'kosavuta kusiyana ndi kuuthamangira pa foni muli ku Malawi.