Odwala amene kafukufuku anasiyana nawo panjira: kuwerenga mzere wa Kaplan-Meier

Funso: "Ndikuphunzira zaumoyo wa anthu ndipo ndapatsidwa ntchito yojambula gilafu ya Kaplan-Meier ya odwala 10. Asanu anamwalira, asanu enawo nthawi zawo zili ndi chizindikiro cha +. Mnzanga akuti ndingowachotsa a + aja kuti ndipeze midiyani. Kodi akunena zoona? Nanga midiyaniyo ndiiwerenga pati?"

Musawachotse. Njira imene Edward Kaplan ndi Paul Meier anafalitsa mu 1958 inapangidwira anthu omwewo. Chizindikiro cha + chimatanthauza kuti tsiku lomaliza limene munthuyo anaonedwa anali moyo, ndipo zimene zinachitika pambuyo pake sizikudziwika. Mwina anasamuka, mwina anasiya kubwera, mwinanso kafukufuku anatha iye akadali moyo. Wolembedwa 7+ wakuuzani chinthu chotsimikizika: anapyola miyezi 7. Njirayi imagwiritsa ntchito miyezi 7 imeneyo yonse, kenako n'kumusiya popanda kumuphera papepala kapena kumuwonjezera masiku.

Poti simunatumize manambala anu, ndigwiritsa ntchito ongoyerekeza. Nthawi za odwala 10, m'miyezi, zikhale izi: 2, 3+, 5, 5, 7+, 8, 11+, 12, 15+, 15+.

Mzere umayamba pa 1, kutanthauza kuti onse ali moyo, ndipo umatsika pokhapokha pamene pachitika imfa. Pa imfa iliyonse mumafunsa kuti: mwa anthu amene tinkawaonabe mpaka nthawi imeneyi, ndi gawo lanji lomwe lapulumuka? Gawo limenelo mumalichulukitsa ndi nambala imene munali nayo kale.

Pa mwezi 2 onse 10 alipo, mmodzi wamwalira, apulumuka 9 mwa 10, choncho mzere watsika kufika pa 0.9. Pa mwezi 3 wa 3+ uja wachoka. Mzere sukusuntha, mungoikapo kamzere kakang'ono kosonyeza kuti apa wina wasiyana nafe, koma oonedwa atsala 8. Pa mwezi 5 amwalira awiri mwa 8 amenewa, apulumuka 6 mwa 8, ndiye 0.75. Mukachulukitsa 0.9 ndi 0.75 mupeza 0.675. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa amagawa ndi 9 poiwala wochoka uja, kapena ndi 10 ngati kuti gulu silinachepepo.

Atsala 6, ndipo wa 7+ akachoka atsala 5. Pa mwezi 8 wamwalira mmodzi, apulumuka 4 mwa 5, ndipo 0.675 kuchulukitsa ndi 0.8 ikupereka 0.54. Atsala 4, wa 11+ wachoka, atsala 3. Pa mwezi 12 wamwalira mmodzi, apulumuka 2 mwa 3, mzere wafika pa 0.36. Awiri otsalawo anali moyo pamene kafukufuku ankatha pa mwezi 15, motero mzere ukuyenda mopingasa pa 0.36 n'kuthera pamenepo osafika pansi. Zikachitika kuti imfa ndi + zagwera pa nthawi imodzi, mwambo wake ndi wakuti wa + amawerengedwa kuti analipo pa imfayo, kenako n'kuchotsedwa.

Midiyani ndi nthawi yoyamba imene mzere wafika pa 0.5 kapena kutsikirapo. Pagilafu, yambirani pa 0.5 kumanzere, yendani mopingasa mpaka mugunde mzere, kenako tsikani mukawerenge mwezi. Pa mwezi 8 tili pa 0.54, sitinafike. Pa mwezi 12 tagwa mpaka 0.36. Midiyani ndi miyezi 12. Musayese kupeza nambala ya pakati pa 8 ndi 12 pojambula mzere wopendekeka, chifukwa gilafu imeneyi imatsika ngati masitepe ndipo pakati pa imfa ziwiri siisintha.

Tsopano onani zimene malangizo a mnzanu akanachita. Mukachotsa a + onse mutsala ndi 2, 5, 5, 8, 12, ndipo midiyani yake ndi miyezi 5. Mwataya anthu amene anakhala nthawi yaitali n'kusunga omwalira okha, ndiye matendawo akuoneka oopsa kuposa mmene alili. Mukangofufuta chizindikiro cha + n'kuwerenga nthawi zonse ngati imfa mupeza 7.5, yomwenso ndi yochepa. Kulakwitsa kwa mbali inayo ndi kunena kuti amwalira 5 mwa 10, choncho theka lapulumuka. Pamenepo mukuganiza kuti wa 3+ uja anakhalabe moyo mpaka mapeto, chinthu chimene palibe anachiona. Yankho loyenera pa mwezi 12 ndi 0.36, osati 0.5.

Mukatha kuwerengera pamanja, ndipo ndikukulimbikitsani kuyamba pamanja chifukwa ndi zimene zimafunsidwa pamayeso, tsimikizani ndi R, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera:

```r
library(survival)
nthawi <- c(2,3,5,5,7,8,11,12,15,15)
imfa <- c(1,0,1,1,0,1,0,1,0,0)
km <- survfit(Surv(nthawi, imfa) ~ 1)
summary(km)
print(km)
```

Mu `summary(km)` yang'anani `n.risk`, iyenera kuonetsa 10, 8, 5, 3, mogwirizana ndi zanu. `print(km)` ikupatsani `median`. Apa 1 ndi imfa, 0 ndi +. Mukazisinthanitsa kompyuta siidandaula, imangojambula gilafu yabodza yooneka bwino, ndipo poti m'chitsanzochi mbali zonse zili zisanuzisanu, chiwerengero cha imfa sichikuululirani cholakwikacho. Onani m'malo mwake ngati masitepe akugwera pa miyezi 2, 5, 8 ndi 12. Dziwaninso kuti m'mafayilo ena amalemba 1 ndi 2, ndipo `Surv` imatenga 2 kukhala imfa.

Midiyani ya 12 imeneyi musailembe ngati mwala. Imfa yoyamba inatsitsa mzere ndi 0.1, pamene ya pa mwezi 12 inautsitsa ndi 0.18, chifukwa anthu anali atatsala atatu okha. Mbali ya kumanja ya gilafu nthawi zambiri imakhala choncho, masitepe aakulu oimira anthu ochepa. Wodwala wa pa mwezi 12 uja akanapanda kumwalira, mzere ukanathera pa 0.54 ndipo R ikanalemba `NA` pa `median`. Imeneyo si vuto la kompyuta, ikutanthauza kuti midiyani sinafikidwe m'nthawi ya kafukufuku. Zikatero mumalemba choncho, kenako n'kupereka nambala ya mzere pa nthawi inayake, monga gawo la amoyo pa mwezi 6. N'chifukwa chake gilafu yabwino imakhala ndi chiwerengero cha otsala pansi pake. Chiikeni, pamodzi ndi malire a 95% osonyeza pamene midiyani yeniyeni ingakhale, amene `print(km)` ikuonetsa pambali pa midiyani.

Pali chinthu china chimene masamuwa sangakuuzeni, koma amene adzachonge ntchito yanu angakufunseni. Njirayi imaganiza kuti ochoka panjira ali ndi mwayi wofanana ndi wa otsala. Amene anapatsidwa + chifukwa kafukufuku anatha nthawi zambiri savuta. Koma ngati wa 3+ ndi wa 7+ anasiya kubwera chifukwa anadwalika kwambiri, ndiye kuti amene anatsala ndi amphamvupo, ndipo mzere wanu ukhala pamwamba kuposa zoona zake. Gilafu payokha siingaonetse zimenezi. Bwererani ku fayilo muone ngati chifukwa chochokera chinalembedwa, musiyanitse amene anafika kumapeto kwa kafukufuku ndi amene anasowa panjira, ndipo mu lipoti lanu mulembe kuti mbali iliyonse ili ndi anthu angati. M'chitsanzo chathu ofika kumapeto ndi awiri, osowa panjira ndi atatu, ndipo atatu mwa 10 ndi ambiri ndithu moti muyenera kufotokoza za aliyense.