Filiji ya katemera ya sola: kuwerengera mtengo mu pulopozo

Kalata iyi inabwera pa imelo: "Ndimayang'anira chipatala chaching'ono komwe kulibe magetsi. Filiji yathu ya katemera ndi ya gasi, ndipo gasi akatha timathamangitsira katemera ku chipatala china. Tikulemba pulopozo yopempha sola. Wogulitsa wina watipatsa kotesheni ya mapanelo, mabatire, inveta ndi filiji wamba ya m'nyumba. Kodi tingoika yomweyo mu bajeti? Nanga tinene chiyani kuti opereka thandizo akhutire?"

Zikomo achimwene polemba. Kotesheni imeneyo muiike kaye pambali. Filiji ya m'nyumba simazizira mofanana monsemo, chapafupi ndi mofiliza zinthu zimauma. Katemera ambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ena monga pentavalenti, wa kafumbata ndi wa HPV akangouma kamodzi ndiye kuti atha ntchito, ngakhale botolo likuonekabe bwinobwino. Chizindikiro chapabotolo chija, VVM, chimangosonyeza kutentha, za kuuma sichinena kanthu. Munthu wodziwa za katemera akaona filiji wamba mu bajeti yanu, sawerenganso masamba otsalawo.

Chimene mupemphe ndi filiji yolumikizidwa mwachindunji ku mapanelo, yopanda mabatire, imene pa PQS, mndandanda wa zipangizo zovomerezeka ndi bungwe la WHO, imalembedwa SDD. Mafiliji a katemera ali m'gulu la E003 pamndandandawo. Masana dzuwa limayendetsa kompuresa n'kuumitsa madzi amene ali m'makoma a filijiyo, ndipo ayezi ameneyo ndi amene amaziziritsa katemera usiku ndi pa masiku a mitambo. Mu pulopozo lembani nambala ya PQS ya filiji imene mwasankha, masiku amene imapirira dzuwa litachepa (sachepera atatu), ndi kutentha kwa malo kumene inayesedwera. Ngati kwanuko kumatentha kwambiri, sankhani yoyesedwa pa madigiri 43. Musanalembe, funsani akuluakulu a pulogalamu ya katemera kuti amakonda mtundu uti, chifukwa matekinishani awo ndi amene adzaikonze, ndipo zipangizo zosinthira amasunga za mitundu imene anaizolowera.

Kukula kwa filiji musakuganizire m'mutu. Tiyerekeze kuti pa chaka mumabaya ana 600, ndipo mutaphatikiza malo amene mabokosi a katemera onse a mwana mmodzi amatenga, kuwonjezapo wotayika, mwapeza 300 cm³ (nambala yeniyeni ya ndondomeko yanu mukaitenge kwa a pulogalamu ya katemera). Pa chaka ndiye 600 × 300 = 180,000 cm³, omwe ndi malita 180. Ngati katemera amabwera mwezi ndi mwezi, ndiye malita 15 nthawi imodzi. Onjezani 25 peresenti ya wosunga padera, mufika pa malita pafupifupi 19. Mukaganizira katemera wa amayi oyembekezera, wa makampeni, katemera watsopano amene angadzabwere ndi kuchuluka kwa anthu, filiji ya malita 30 mpaka 40 ikukwanirani. Pofanizira, yang'anani malo enieni oikamo katemera, osati kukula kwa m'kati monse, chifukwa nambala ziwirizi zimasiyana kwambiri. Ndipo ngati mumapita kukabaya kumadera akutali, kumbukirani kuti si filiji iliyonse ya SDD imene ili ndi mbali youmitsira mapaketi a madzi. Ngati mumawafuna, sankhani yokhala nayo kapena ikani filiza yake mu bajeti. Ziwerengero zimenezi zilembeni poyera mu pulopozo, mizere inayi yokha, kuti wowerenga aone kumene malita anu achokera.

Tsopano pa mtengo, apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike. Chimene mukupempha si bokosi loyera lija ayi, mukupempha kuti katemera azizizira kwa zaka 10, zomwe ndi zaka zimene okonza mapulani amawerengera filiji zoterezi. Choncho bajeti ikhale ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi cha kamodzi: filiji ndi mapanelo ake, zitsulo zomangirira, nthambo, waya wolowa pansi woteteza ku mphenzi, mayendedwe mpaka pakhomo la chipatala osati padoko, inshuwalansi ndi msonkho ngati ulipo, ulendo wa tekinishani wodzaona malo asanaike, kuika kwenikweniko, ndi kuphunzitsa ogwira ntchito. Ulendo wodzaona malo anthu amauiwala, koma ndi umene umaulula kuti denga ndi lofooka kapena mtengo umaponya mthunzi m'mawa, ndiye pafunika pholo lozika pansi ndi simenti yake. Ikaninso mabauti ovuta kumasula, poti mapanelo amabedwa.

Chigawo chachiwiri ndi cha chaka ndi chaka: ulendo wa tekinishani, zipangizo zosinthira monga fani ndi kabokosi koyendetsa kompuresa, ndi kachipangizo kolemba kuzizira kwa masiku 30, kamene batire yake ikatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mumagula kena. Pa mzere uliwonse lembani amene adzalipire thandizo likadzatha, ndipo muphatikizepo kalata yake yovomera. Ine ndinaonapo filiji ya sola yabwinobwino itasanduka kabati yoikamo mafayilo, pamwamba pali fumbi, pakhomo pake atamatapo pepala loti yafa. Chimene chinafa chinali fani yokha, koma palibe amene anali ndi mzere wa mafuta oti tekinishani abwerere. Zimandipweteka mpaka lero.

Mukatero fanizirani njira zitatu pa tebulo limodzi, zonse pa zaka 10. Nambala izi ndi zongoyerekeza, inu muikepo za m'makotesheni anu. Tinene kuti filiji ya sola ya mabatire, yovomerezeka ndi PQS, mtengo wake woyamba ndi 100, ndipo 25 mwa iwo ndi mabatire. Kumalo otentha mabatire a mtovu sakhala zaka zambiri, kawirikawiri zitatu mpaka zisanu, ndiye mudzawasintha kawiri, mtengo n'kufika 150 musanawerengere mayendedwe awo. Ya SDD ikhoza kuyambira pa 120, koma ilibe mabatire osintha. Ya gasi muiwerengere kuchokera m'mabuku anu: masilinda amene munagula chaka chatha, mayendedwe ake, kuchulukitsa ka 10. Tebulo limeneli ndi limene limayankha funso loti bwanji mwasankha yooneka yodula.

Zifukwa zokhutiritsa zili kale m'kabati yanu. Tengani matchati a kuzizira amene mumalemba m'mawa ndi madzulo a miyezi 12 yapitayi, muwerenge masiku amene filiji inapitirira madigiri 8, amene inatsika pansi pa 2, ndi amene inali yozimiratu. Kenako tsegulani buku la katundu muone mabotolo osatsegula amene munataya chifukwa cha kutentha kapena kuuma, ndi kaundula muone masiku a katemera amene analephereka. Chiganizo chonga "gasi anatha kasanu, masiku 23 onse pamodzi, ndipo masiku asanu ndi limodzi a katemera analephereka" chimalemera kuposa tsamba lonse lofotokoza ubwino wa dzuwa. Musalonjeze kuti imfa za ana zidzatsika ndi mwakuti, chifukwa filiji imodzi singatsimikizire zimenezo. Lonjezani zimene kachipangizo kolemba kuzizira kadzaonetse: masiku amene filiji inakhala pakati pa 2 ndi 8, ndi ma alamu ochepa mwezi uliwonse.

Anzanu pachipatalapo adzafuna kuti mapanelo omwewo aziyatsanso magetsi a m'chipinda chochiliramo ndi kutchaja mafoni. Kufuna kumeneko n'komveka, koma musalole kuti aliyense alumikize waya ku mapanelo a filiji. Kuli filiji zina za SDD zobwera ndi chipangizo chovomerezeka chotengera mphamvu yotsala, chimene chimayamba chadyetsa filiji kenako zinazo. Ngati imene mwasankha ilibe, magetsi ounikira muwalembe ngati sola ina yapadera, ndi mzere wakewake mu bajeti.